Uchi umene amama anawilitsa

Khalani pansi anzanga, mafoni m'thumba, ngakhale yanga ndaigoneka chafufumimba. Mumve za mwendo wa adada.

Chinali chilimwe chatha, kwathu ku Kapichila. Adada amakonza ngolo ya ng'ombe, chitsulo n'kuwang'amba pansi pa bondo. Iwo, mukudziwa madala, anangomanga kansanza basi. Mmene tinafika nawo ku kiliniki chilonda chinali chitayamba mafinya ndi kafungo. Anasi, ndiye kuti anamwino a pamenepo, mai wamfupi woseketsa, anachitsuka, kuwabaya jekeseni, ndiye anati: "Adada, chikapanda kusintha ndikutumizani ku boma mukagone m'chipatala." Adada nkhope gwa! Mvula inali pafupi, ndipo pakhomo pathu wogwila pulawo ndi iwo okha. Ine ng'ombe zimandinyoza, musaseke.

Mankhwala opaka anali atatha, choncho anasi anati tipeze uchi weniweni, iwo azitsuka ndi kumanga. Ine pomwepo foni kwa amalume, amene ali ndi ming'oma ya njuchi cha ku Lukusuzi. M'mawa mwake botolo linafika pa njinga, uchi wolemela, wofinya ndi manja.

Apa ndiye panalowa chikondi cha amama. Kwathu chinthu cha wodwala chimayamba chapita pamoto: madzi, nsalu, lezala, zonse. Ndiye amama anathila theka la uchi mumphika, anaonjezela madzi kuti usamate pa chilonda, nauwilitsa mpaka thovu. Anausefa bwinobwino n'kuuika m'kabotolo koyela. Ndipo poti kiliniki ili patali, anayamba kupaka okha kunyumba. Patapita masiku kabotolo kanayamba kununkha ngati mowa wa dzulo, chilonda chili chomwecho, chonyowa, chofiila m'mbali.

Titabwelela, anasi ananunkhiza kabotolo n'kuseka. "Amama, mwawafululila adada kachasu wa pamwendo?"

"Ndimati ndiphe tizilombo," amama anayankha, maso pansi.

"Mtima wanu ndi wabwino. Koma uchi umapha wokha, inu mwaulanda mikondo."

Ndiye anafotokoza akutsuka chilonda, adada akukukuta mano. Anati uchi ndi shuga wothinana, madzi ake ndi ochepa, ndipo ochepawo shuga wawagwila zolimba, kachilombo sikangamwepo. M'malo mwake shuga amakoka madzi m'thupi mwa kachilomboko, kamafota. "Simunaone mango oduladula mukawaza shuga, mmene amatulutsila madzi?" Amakokanso madzi a m'chilonda, zoipa n'kumatuluka nawo. Tsono ukathila madzi mumphika, wapatsa tizilombo chitsime, n'chifukwa chake unasasa.

Chinanso, ichi ndiye chinandipenga mutu! Anasi anati njuchi zimaika mu uchi kanthu kena kochokela m'thupi mwazo. Mu botolo kamangogona. Uchi ukakumana ndi chinyezi cha pachilonda kamadzuka, n'kumapanga haidrojeni pelokisaidi, mankhwala aja amachita thovu potsuka zilonda, koma pang'onopang'ono, osawotcha mnofu. Moto umakapha kanthu kameneko. Ine ndinafufuza pa foni pomwepo, mabandulo anga omaliza, ndipo ndinakuwa kuti, "N'zoona!" Anasi anati, "Yewo apulofesa, tsopano gwilani mwendo uwu."

Mwamwayi theka lina linali likadali m'botolo la amalume, losakhudza moto. Anasi anapaka lokhuthala pa bandeji, kumanga, natiuza kuti tizibwela iwo aziona, ndipo adada akatentha thupi kapena kufiila kukakula, ulendo wa ku boma palibe kukambilana. Ndinkawakweza pa njinga ine, iwo akudandaula njila yonse kuti uchi wabwino chonchi ukudyedwa ndi mwendo pakamwa pali pomwepa. Tsiku lina ndinawapeza akunyambita supuni. "Ndikuthila mankhwala cham'kati," anatelo.

Fungo linayamba kutha. Kenako mnofu wofiila bwino unamela kuchokela pansi, chilonda n'kumachepa ngati dziwe la mu Okutobala. Mvula yoyamba itagwa anasi anamasula bandeji komaliza. Adada anagwila pulawo, akutsimphina pang'ono, akukalipila ng'ombe ndi mau onse. Amama anaima m'mphepete mwa munda akumwetulila, mbewu ya chimanga ili m'mbale.

Koma mvelani izi. Masiku ano alendo akabwela, amama amawauza kuti, "Uja ndinawilitsa uja ndiye unayamba kufewetsa chilonda, wa anasi unangomalizitsa." Adada amangoti, "Eya, ndi mmene zinalili," uku akunditsinzinila diso. Ine zonse ndikuzidziwa, zili mu foni umu, lilime limachita kuyabwa. Komabe ndaona kuti mwana wa aneba atapsa ndi phala, amama anathamangila botolo losawilitsa, nauza mai wake kuti apite naye kwa anasi.

Ndiye ndiuzeni anzanga, mukanakhala ine, mukanawatsutsa amama pamaso pa alendo, kapena mukanangowasiyila ulemu wawo?