Mfundo za Teleza

Teleza anafika ku Thyolo mu 1912 ali mtsikana wosatha msinkhu, atasenza mphasa ndi mtondo wa amayi ake. Ankathawa ukapolo wa Apwitikizi pamodzi ndi Alomwe anzawo. Mzungu wa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Khonjeni anawapatsa malo omanga ndi kolima, koma osati ulere. Mwamuna aliyense ankagwira thangata, ntchito yolipirira malowo, ndipo wolephera ankamugwetsera nyumba n'kumuzulira mbewu. Teleza anaona zimenezi kawiri ali mwana. Kuyambira pamenepo mantha ake anali amodzi okha: kudzuka tsiku lina n'kuuzidwa kuti munda si wakonso.

Anakwatiwa ndi Elson, munthu wofatsa ngati madzi a mumtsuko, yemwe ankadulira tiyi. Munda wawo unali wochepa, woti munthu n'kuimirira mbali ino n'kumamva mnzake akutsokomola mbali inayo. Chaka ndi chaka ankalima, kugulitsa, koma pofika Januwale m'nyumba munalibe ngakhale tiki. Elson ankati ndi mmene dziko lilili. Teleza zinkamuwawa, chifukwa ndalama ankaziona zikulowa koma kotulukira kwake sankakudziwa.

Kusukulu sanapondeko. Choncho mu 1926 anapota zingwe zitatu za khonje. China anachidetsa ndi mwaye, china anachipaka katondo, chachitatu anachisiya choyera. Sheleni iliyonse yotuluka, kaya ya khasu, ya mbewu kapena ya waganyu, inali mfundo pa chakuda. Yolowa inali mfundo pa chofiira. Makobiri ankawawerenga ndi timiyala m'chigoba, tikakwana khumi ndi tiwiri n'kumanga mfundo imodzi. Kuti asasokoneze mbewu, ankasomeka chizindikiro pamfundo: kanthambi ka fodya, khoko la nandolo, kapena kachitsononkho ka chimanga.

Chaka choyambacho zingwe zinamuuza zimene sanafune kumva. Fodya, amene Elson ankamunyadira, anadya mfundo khumi ndi imodzi n'kubweza zisanu ndi zinayi zokha. Nandolo ndi chinangwa, zomwe Teleza ankagulitsa ngati masewera kwa alendo ogona m'malaini a esiteti tsiku la peyi, zinadya ziwiri n'kubweza zisanu ndi ziwiri.

"Fodyayu akutilima ife, aElson, si ife tikumulima iyayi," anatero Teleza.

Elson anakwiya masiku atatu, kenako anakagumula chigafa yekha.

Chingwe choyera ndiye chinali ndi lamulo loopsa. Phindu likatsala, Teleza ankayamba wapatula za msonkho ndi za mchere ndi nsalu. Zotsalazo ankazimanga pa choyera, ndipo zimenezo zinali za munda basi. Mwana alire chitumbuwa, mlamu abwere ndi nkhope ya maliro, sheleni ya pa choyera sinkasuntha. Chaka china inagula makasu awiri, china mbuzi yaikazi yoti manyowa ake azipita kuphando la nthochi, china inamanga nkhokwe yachiwiri. Nkhokweyo ndi imene inasintha zonse. Anthu akamakolola mu Meyi, msonkho uli pakhosi, dengu la chimanga linkagulitsidwa sheleni imodzi. Teleza ankagula, n'kusunga ndi makoko ake, nkhokwe yomata bwino, ndipo mu Januwale dengu lomwelo linkapita pa masheleni atatu. Anankafumbwe ankadyako gawo lawo, nalonso ankalimangira mfundo. Amene analibe ndalama ankawakongoza, aliyense kachingwe kake kakafupi.

Lamulo litalola kuti munthu azilipira lendi m'malo mwa thangata, Teleza anapereka paundi yathunthu, Elson n'kusiya tiyi kubwera kumunda. Anthu anaona nthochi zikugwa mikoko, mbuzi zili zisanu ndi imodzi, mwamuna osadzukiranso belu. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Mawu anayamba kuyenda pachitsime akuti Teleza amakawa, ndiko kuti amakoka mbewu za m'minda ya anzake ndi mankhwala. Wina anali atasuzumira m'nyumba n'kuona mitolo ya zingwe zamfundo ikulendewera kudenga, zosomekedwa makoko ndi tinthambi. Kunena zoona, nanenso ndikanaziona ndikanabwerera chambuyo.

Amene ankakoleza moto anali Amosi, kapitawo wa esiteti, yemwe munda wake unachita malire ndi wa Teleza. Iyeyu ndiye ankapereka kwa mzungu mayina a anthu oyenera notisi yochoka. Pakamwa pake pankatha kugwetsa nyumba popanda nkhwangwa.

Mu 1933 kunabwera amchape, anthu oyendayenda ochotsa ufiti, ndi kalilole wawo ndi mankhwala ofiira m'mabotolo. Amosi ndiye anawaitana. Nkhaniyi inamufika Teleza kunja kuli chiperoni. Elson anati akakwirire zingwezo kudimba.

"Akakapeza zokwirira ndiye ndafa kawiri," anayankha Teleza.

M'mawa mwake anthu onse anandanda pabwalo la mpira wa antchito, amuna kwawo akazi kwawo. Aliyense ankadutsa kumbuyo kwa wamchape wamkulu, iye akumuyang'ana pakalilole. Pakati panali mulu wa nyanga ndi zithumwa zoti zitenthedwe. Mzere unkafupika, ndipo mayi amene anali patsogolo pa Teleza anasendera kuti nsalu zawo zisakhudzane. Atafika, wamchape sanayang'ane n'komwe pakalilole. Anayang'ana Amosi, Amosi n'kugwedeza mutu.

Anyamata awiri anathamangira kunyumba kwake n'kubwera ndi mitolo isanu ndi iwiri ya zingwe, atainyamula ndi ndodo ngati njoka. Khamu linati "Hiii!" n'kubwerera m'mbuyo.

"Ndi zimenezi!" anakuwa Amosi. "Mfundo iliyonse ndi munda wa munthu. Ine ndimalima ekala yonse, koma chimanga changa chimathera kwa mayi ameneyu. Lero lomwe ndikakamba ndi bwana, apatsidwe notisi."

Mawu akuti notisi anamulowa Teleza ngati minga. Anaona nthochi zake zitagwetsedwa, anaona mphasa ili pamutu ngati mu 1912. Anakhala pansi. Ali pansipo anatambasula dzanja n'kukoka mtolo wakale kwambiri, ndipo zala zitangogwira mfundo, pakamwa panatseguka pokha.

"Ichi n'chaka cha fodya," anatero. Anawerenga m'Chilomwe, monga ankachitira ali yekha. "Zotuluka khumi ndi imodzi, zolowa zisanu ndi zinayi. Ndinaluza masheleni awiri. Akuluakulu, mfiti yokawa imaluzanso?"

Anatenga mtolo wina.

"Iyi ndi mbuzi yoyamba ija, ndinagula kwa aMagdalena masheleni anayi. AMagdalena, ndikunama?"

Mayi wachikulire wa kumapeto kwa mzere anayang'ana pansi. "Inali yaikazi, yamawanga," anavomera motsitsa.

Teleza anapitiriza, chaka ndi chaka, khasu ndi khasu. Aganyu anamva masiku awo akutchulidwa, wopala nsungwi za nkhokwe anamva mtengo wake. Kenako anafika pa mfundo zisanu zakuda zokhala ndi kachitsononkho. Anadziwa kuti akazitchula aputa mavu, komanso akazidumpha wathera pomwepo.

"AAmosi akunena zoona," anatero. "Chimanga chawo chimabweradi kwanga. Koma chimabwera masana, pamutu pa akazi awo. Meyi wa chaka chatha anandigulitsa madengu asanu, sheleni sheleni. Januwale wapitayo anadzagula atatu, masheleni atatu atatu. Limodzi sanalipirebe, kachingwe kake ndi aka."

Wina anaseka kumbuyo, ena n'kutsatira, mpaka akazi ake a Amosi anaphimba nkhope. Koma Teleza sanaseke. Anaona maso a kapitawo atafiira, ndipo anadziwa kuti munthu wamphamvu akachita manyazi amaopsa kuposa akakwiya.

Wamchape anali wochenjera pa ntchito yake. Sakanachoka osatentha kanthu, komanso sakanatsutsa khamu lomwe linali litaseka.

"Mayi," anatero, "ngati zingwezi zilibe mankhwala, ziponyeni pamoto ndi manja anu, mumwe mchape. Munda ukadzabereka popanda izo, nkhani yatha. Kapitawo, si choncho?"

Amosi anayang'ana kachingwe kake kaja kali pamwamba pa mtolo. "Zipse zonse," anatero. "Zikapsa, za notisi ndazisiya."

Apa m'pamene Teleza anamvetsa mtengo wake. M'mitolomo munali zaka zisanu ndi ziwiri za moyo wake, komanso tizingwe ta ngongole za anthu khumi, masheleni khumi ndi anayi onse pamodzi, amene ankawadalira pa lendi ya mwezi wotsatira. Anakweza maso. Anthu omwe ankaseka aja tsopano anali chete, akuyang'ana moto mwachidwi, ndipo angongole ake anali kutsogolo. Anawadziwa mmodzimmodzi. Palibe anatsegula pakamwa kuti ine changa ndidzalipirabe.

Anaimirira, anatola mitoloyo m'manja ngati mwana, n'kuiponya pamoto. Khonje wouma sachedwa. Anamwa mankhwala ofiira aja, owawa ngati ndulu, anthu akudikira kuti agwe. Sanagwe. Anayenda kupita kwawo, Elson akumutsatira m'mbuyo akulira ngati ndiye wamenyedwa.

Lendi anailipira atagulitsa mbuzi zitatu ndi nthochi zosakhwima bwino. Pa angongole khumi aja, anabwera ndi Magdalena yekha, ndi sheleni yake itamangidwa pansonga ya nsalu. Munda unabereka chaka chimenecho ndi zaka zina zambiri, ndipo Teleza anafera pamalo pomwepo ali nkhalamba, ali ndi kagolosale pafupi ndi siteshoni ya Khonjeni. Koma mantha sanamuchoke. Kalilole sanalole kuti alowe m'nyumba mwake, ndipo zingwe zake ankazipachika pakhonde, poyera, kuti wodutsa aliyense aziona.

Ana ake amakumbukira za madzulo a tsiku la moto lija. Dzuwa lisanalowe, Teleza anatuma Elson kukadula khonje, anapota chingwe chatsopano pantchafu, n'kuchidetsa ndi mwaye. Anamanga mfundo khumi ndi zinayi, imodzi ndi imodzi.

"Nanga zimenezo tagula chiyani?" anafunsa Elson.

Teleza anatola kadothi ka m'munda mwake, anakakulunga m'tsamba la nthochi, n'kukasomeka pa mfundo yomaliza.

"Tagula munda," anatero.