Fainala Sankati "Kaya Inu"

Fainala anabadwira pa esiteti ya fodya, n'kukulira pa maesiteti. Makolo ake anachoka ku Phalombe iye asanabadwe, kubwera ku Kasungu kuno kudzagwira utenanti. Chaka chino ali kwa bwana uyu, fodya akangogulitsidwa amanga mitolo, chaka chamawa ali kwa bwana wina. Sukulu anailawa apa ndi apo, n'kuisiyira m'njira. Koma kusoka fodya, ee, kumeneko ndiye kunali kwawo. Singano ikakhala m'manja mwake masamba ankangodzilowera okha pachingwe.

Tsiku lina, akadali kamtsikana, kapitawo anaima pakhomo pawo n'kufunsa ngati mayi ake apita kumunda. Fainala anayamba kufotokoza kuti mayi sanagone, akudwala mano, ndiye bambo ati ayambe apuma. Kapitawo anamudula.

"Ndakufunsa zonsezo ine? Apita kapena sanapite?"

"Ayi."

"Basi."

Kapitawo atachoka, bambo ake anamukokera kuseri. "Wamkulu akakufunsa, yankha kamodzi, utseke pakamwa. Ulemu ndi umenewo. Wolongolola sachedwa kuchotsedwa pa esiteti."

Mawu amenewo anamera mwa Fainala ngati nsangu. Si kuti malonje sankawamva ayi. Ankawamva akuluakulu akupatsana, koma iye ankati n'za anthu odziwana kalekale, osati za mwana wongodutsa ngati iye. Manyazi obadwa nawo anadzamalizitsa zotsalazo. Anakula ali munthu wa "eya", "ayi" ndi "chabwino", maso ali pansi, mumtima akuti akulemekeza.

Simeon, mnyamata wa ku Chulu, anamuona akusoka fodya pa ganyu, n'kumukonda ndi kufatsa kwakeko. Anamutenga chitengwa kupita naye kwawo, mudzi wakalekale wa mitengo ya mango ikuluikulu, kumene aliyense amadziwa agogo ake a mnzake. Kwa nthawi yoyamba Fainala anakhala m'nyumba imene sadzaisiya fodya akagulitsidwa. Anadzala nthochi kuseri kwa bafa. Mtenanti sadzala nthochi, sangadikire kuti ibereke. Kenaka kunabadwa Comfort.

Koma mudzi umenewo ndi wa malonje. Munthu sadutsa mnzake ngati chitsa. M'mawa woyamba apongozi ake, aNamwale, mayi a Simeon, anamupeza akusesa.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Bwino."

ANamwale anaima, kudikira. Fainala anagwada bwinobwino, tsache lili pambali, naye kudikira kuti mwina pali funso lina. Panalibe. Apongozi anangoti kukhosi "mhm" n'kubwerera kwawo.

Poyamba anthu ankati ndi chilendo, azolowera. Mwana anabadwa, anayamba kukwawa, chilendo osatha. Kuchitsime amayi anamupatsa dzina, ankamuti Eya. "Taonani, a Eya akubwera. Apatseni njira, mawu awo ndi a pa sikelo." Iye ankamva, osadziwa chimene walakwa. Madzi a apongozi ankatunga ndi iye. Nkhuni ankatola ndi iye. Nanga ankafuna chiyani china?

Zinafika poipa m'nyengo yothyola fodya. Kumeneko amayi amathandizana kusoka, lero m'chigafa choumitsira fodya cha uyu, mawa cha uyo, chifukwa tsamba lothyola likagona pamulu limatentha n'kuyamba kuwola. Tsiku la kwa Simeon anabwera ndithu, chifukwa cha nkhope ya aNamwale. Anasoka tsiku lonse, mvula ikuwaza, manja ali bii ndi utomoni wa fodya. Mikangala yopachikapo fodya itadzaza, mayi wina anadziwongola msana n'kunena kuti, "Make Comfort, ife tatopatu, tizipita."

"Chabwino," anatero Fainala.

Mumtima mwake munali modzaza. Ankafuna atawagwira miyendo mmodzimmodzi. Koma chimene chinatuluka ndi chomwecho, ndipo amayi aja anayang'anizana.

"Chabwino! Mwamva? Tinali aganyu ake."

M'mawa mwake aNamwale anadzuka mochedwa, atamanga mpango pamphumi. Anakhala pakhonde, mpongozi wawo akudutsa ndi ndowa.

"Ine mutuwu sunandigonetse. Ukuchita ngati wina akuwaza nkhuni m'katimu."

"Oo," anatero Fainala. Anatula ndowa, anathamanga kukoleza moto, anawaphikira phala, anakawagulira mankhwala pa kagolosale. Zonsezo aNamwale sanazione. Chimene anamva ndi "oo" uja. Madzulo anaitana mwana wawo.

"Simeon, ine ndakalamba, koma sindinasanduke galu. Galu ndi amene umamuponyera chakudya osamulankhula. Mkazi wakoyu akapite kwawo akamulange. Akadzadziwa kuyankha anthu adzabwere. Ndauza kale amalume ako."

Simeon ndi munthu woopa mayi ake. Anangokanda m'mutu. Amalume akewo, a Dominic, ndiwo anali ankhoswe, ndipo anati adzabwera Loweruka.

Kwawo! Fainala atamva, anadzifunsa mumtima. Kwawo kunali kuti? Ku Phalombe sanapondeko. Makolo ake chaka chimenecho anali pa esiteti ina cha ku Nkhamenya, m'kanyumba ka udzu ka chipinda chimodzi, komwenso sankadziwa ngati adzakhalamo dzinja likudzalo.

Amene anamumvera chisoni ndi mlamu wake Gladness, mchemwali wa Simeon, mkazi wa pakamwa posapuma. Anamupeza m'chigafa akutembenuza mikangala, misozi ili mbwembwembwe.

"Alamu, kodi mawu anu mumasungira ndani? Mukufuna mudzapite nawo kumanda?"

"Ayi."

"Mwaona! Ndi zomwezo. Tandiuzani, amayi akakupatsani ndiwo m'mbale, mbaleyo mumabweza bwanji?"

Fainala anaganiza. "Ndimatsuka. Ndimaikamo kanthu. Kaya mtedza."

"Bwanji osangobweza yopanda kanthu? Si yoyera?"

"Sizingaoneke bwino."

"Ehe! Moni ndi mbale, alamu. Munthu akati mwadzuka bwanji, wakupatsani mbale. Inu mukati bwino, mwadya, mwabweza yopanda kanthu. Iye amaima pamenepo kudikira kuti naye mumufunse, chifukwa mwina ali ndi chake chomupweteka, akusowa polowera. Muziti, ndadzuka bwino amayi, kaya inu. Ndipo liwu loti amayi musalisiye. Mukangoti eya, munthu sadziwa ngati mukuyankha iye kapena nkhuku. Mukati eya amayi, wadziwa kuti mwamuona."

"Ine ndimati ndikachulutsa mawu ndiwanyoza."

Gladness anaseka mpaka kugwira mzati wa chigafa, kenaka anasiya, chifukwa anaona kuti mnzakeyo sakuseka.

"Kuno si pa esiteti. Kapitawo amafuna ntchito yanu, inu alibe nanu ntchito. Amayi amafuna inuyo. Mawu akafupika, munthu amadzaza yekha potsalapo, ndipo sadzaza ndi zabwino ayi. Amati wandikwiyira, wanditopa, akudzimva. Wina akati ndikudwala, musathamangire phala. Yambani mwati pepani. Wina akakugwirirani ntchito, zikomo, mwandithandiza, muyende bwino. Mukafuna kanthu, chonde. Akakuitanani, wawa. Timawu take n'tomweto, sitilemera."

Masiku otsalawo Fainala anayeserera. Ankayeserera pa Comfort pomusambitsa. "Zikomo bambo, mwachita bwino kubwera." Mwana n'kumaseka, akumenya madzi. Ankayeserera pa nthochi yake ija. Ali yekha mawu ankatuluka osalala ngati chingwe chatsopano. Koma akangoona mpango wa apongozi ukutuluka pakhomo, lilime linkasanduka mwala.

Lachisanu analimba mtima. Anapita yekha kwa apongozi m'mawa, anagwada patali pang'ono.

"Mwadzuka bwanji, amayi? Pepani ndi mutu uja. Kaya lero mukupezako bwanji?"

Mawu anatuluka onse pamodzi, mothamanga, ngati mwana wonena vesi ku Sande sukulu. ANamwale anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Wakuphunzitsa ndani?"

Fainala anagwetsa maso pansi.

"Ndati wakuphunzitsa ndani? Gladness? Nthawi yonseyi pakamwa panali pomata, lero wamva kuti ankhoswe akubwera ndiye patseguka. Ndiye kuti unkadziwa, umangondimana."

Akanatha kunena za kapitawo uja. Akanatha kunena za bambo ake kuseri kwa nyumba. Nkhani yonse inali pakhosi, koma inali yaitali, ndipo iye nkhani yaitali sanainenepo kwa wamkulu chibadwire.

"Ayi," anatero.

Loweruka a Dominic anabwera pa njinga. Anakhala pansi pa mango. Mbali ya Fainala kunalibe munthu, poti nkhoswe wake anali mtenanti mnzawo wa bambo ake, ndipo anali atasamuka kalekale. Gladness anayesa kulowererapo.

"Amalume, munthuyu mtima wake ndi wabwino. Phala lija anaphika ndi iyeyu. Kungoti kumene anakulira..."

"Iwe, mlandu uno si wa alamu," anatero aNamwale.

A Dominic si munthu woipa. Anatembenukira kwa Fainala mofatsa. "Mayi, mwamva zimene akudandaula apongozi anu. Inu mukuti bwanji? Lankhulani, tili pano kuti timve."

Maso onse anali pa iye. Simeon ankajambula pansi ndi kamtengo. Fainala anafunafuna timawu ta Gladness tija, anatipeza, koma sanadziwe koyamba ndi kati.

"Pepani," anatero. "Zikomo. Chonde."

Wina kumbuyo anaseka. A Dominic anapumira m'mwamba.

"Ukwati sitikuthetsa ayi. Apite kwa mayi ake akapumeko, akamulangize. Fodya akapita ku okushoni tidzakhalanso pansi."

Aliyense pamenepo ankadziwa kuti fodya akapita ku okushoni matenanti amasamuka, ndipo kumene adzalowere makolo a Fainala palibe angakuuze.

M'mawa mwake Simeon anamanga chikwama pa keliyala ya njinga, osayang'ana mkazi wake kumaso. "Ndidzabwera kudzakutengani, amake Comfort. Amayi mtima ukangotsika." Gladness anabweretsa chinangwa chophika m'kapepala, akulira poyera, akutukwana mchimwene wake kuti ndi nkhuku yonyowa. Nthochi ija inali itatulutsa mkoko wake woyamba, wosakhwima.

Fainala anabereka mwana, napita pakhonde pa apongozi. Palibe anamutuma. Anagwada. Ulendo uno mawu anabwera pang'onopang'ono, aliwonse pamalo pake.

"Amayi, ine ndikupita. Zikomo pondisunga nthawi yonseyi. Pamene ndinakulakwirani, pepani, sindinkadziwa. Mutsale bwino, amayi. Mutu uja muzimwa mankhwala, ndasiya pa zenera."

ANamwale anali akusankha nyemba m'lichero. Manja anaima pang'ono. Anayang'ana phazi la mdzukulu wawo likulendewera m'chitenje, milomo inagwedera ngati pali chimene chikufuna kutuluka. Kenaka anabweza maso m'lichero.

"Eya."

Fainala anakhalabe chogwada, kudikira. Mwina pabwera "muyende bwino". Mwina "mukapereke moni". Nyemba zokha ndi zimene zinkalira m'lichero. Kuzizira kunamulowa kuyambira m'mawondo mpaka pamtima, dzuwa lili phwee, ndipo anadziwa kuti ndi pamenepa pamene apongozi ake ankaima m'mawa uliwonse nthawi yonse ija.

Simeon analiza belu la njinga kumsewu. Fainala anadzuka, anakonza mwana kumsana, n'kutsata.