Mawu a pa Botolo la a Ezara

A Anselmo Chadza anaphunzira kulemba zilembo zokongola kwa ansembe a kumishoni, ndipo sukulu itawakanika, dzanja lomwelo ndi limene linawadyetsa. Ankakhala pakhonde la sitolo ina pa Dedza boma ndi timabulashi ndi zitini za penti. Ankalemba zikwangwani za magolosale, mayina a pangolo, ngakhalenso mitanda ya kumanda.

Mu 1974 kunabwera a Ezara, sing'anga wa ku Chimbiya, atasenza dengu la mabotolo. Mankhwala awo anali a makungwa owiritsa osakaniza ndi uchi. Ankafewetsa pakhosi, chimenecho chinali choona, koma malonda sankayenda.

"Mundilembere timapepala tomata pamabotolopa," anatero a Ezara. "Mawu ake muganize ndinu, ophunziranu."

"Amachiza chiyani?"

"Chifuwa."

"Chifuwa chanji?"

"Chifuwa ndi chifuwa basi."

A Anselmo sanafunsenso. Analemba ndi inki yofiira kuti: AMACHIZA CHIFUWA CHILICHONSE, NGAKHALE CHACHIKULU, M'MILUNGU IWIRI. Mawu akuti "ngakhale chachikulu" anawaonjezera okha, chifukwa mzere wachiwiri unkaoneka waufupi.

Nthawi imeneyo mlamu wa a Anselmo, a Rafaelo, amene ankacheka matabwa m'nkhalango ya paphiri, anali akudwala chifuwa chachikulu. Anagona m'chipatala miyezi iwiri akubayidwa jakisoni tsiku ndi tsiku. Potuluka anauzidwa kuti amwe mapiritsi kupitirira chaka, osadumphitsa, ngakhale atamva bwino. Pofika mwezi wachisanu thupi linabwerera, ndipo ulendo wokatenga mapiritsi mwezi ndi mwezi unayamba kuwatopetsa.

Akazi awo, a Dorika, mlongo wa a Anselmo, anaona mabotolo aja pamsika wa Chimbiya pamene ankagulitsa mbatatesi. Kuwerenga ankawerenga movutikira, koma dzanja la mlongo wawo analizindikira msanga. Anagula awiri. A Rafaelo anamwa milungu iwiri, n'kusiya mapiritsi, n'kubwerera kumacheka.

Chisanu cha mu Juni chitafika, anayamba kulavula magazi. Anawanyamula pamachira mpaka kumsewu. Kuchipatala anayambanso jakisoni, koma thupi linali litatha kale. Anamwalira mu Ogasiti.

Mtanda wa pamanda analemba ndi a Anselmo. Pa tsiku lometa, a Dorika anawaitanira kuseri kwa nkhokwe, n'kutulutsa botolo lopanda kanthu m'chitenje.

"Achimwene, analemba apa ndinu?"

"Ndine."

"Munamuona ndani amene anachira?"

A Anselmo anayang'ana pansi.

"Akanalemba wina sindikanagula," anatero a Dorika. "Ndinati achimwene anga sangalembe bodza."

Sanalire, sanatukwane. Anawapatsa botololo m'manja n'kubwerera kwa amayi anzawo. Kuyambira pamenepo ankapatsana moni pamaliro ndi kutchalitchi basi.

A Anselmo anapita wapansi ku Chimbiya kukapempha a Ezara kuti amatule timapepala tija. A Ezara anakana. Anati iwo sanauze munthu kuti asiye mapiritsi, ndiponso mawuwo sanali awo.

A Anselmo anabwerera pakhonde paja, koma ntchito yawo inasintha. Munthu akabwera ndi mankhwala kapena mafuta odzola, ankamufunsa zimene zili m'katimo, ndiponso amene anaona ndi maso kuti zimachita zimene akunenazo. Ankalemba dzina la chinthucho, zimene achipangira ndi kamwedwe kake. Mawu akuti "amachiza" sankawalembanso. Pa mankhwala a chifuwa ankaonjezera kuti: Chifuwa chikapitirira milungu itatu, pitani kuchipatala.

Mayi wina wogulitsa mafuta anafuna chikwangwani chakuti amachotsa zipsera zonse m'masiku atatu.

"Ndingalembe kuti amafewetsa khungu lothetheka ndi chisanu," anatero a Anselmo. "Zimenezo ndadzola ndaona. Zazipserazo, ndibweretsereni munthu mmodzi."

"Inu ndinu dokotala kapena wolemba?"

"Wolemba, mayi. N'chifukwa chake."

Mayiyo anatenga thabwa lake n'kupita. Ambiri anachita chimodzimodzi, ndipo mbiri inamveka yoti a Anselmo ndi ovuta. Anatsala ndi ngolo ndi mitanda.

Timapepala ta a Ezara titatha, iwo anapeza wolemba wina wa ku Linthipe, amene anakopera mawu aja chilembo ndi chilembo. A Anselmo ankawaona pamsika chaka ndi chaka, m'dzanja la munthu wina, ndipo analibe kokadandaula. Ankangoima pafupi ndi dengulo, n'kumauza aliyense wotsokomola kuti ayambe wapita kuchipatala. Ena ankamva. Ena ankati mkuluyu ndi wanjiru.

Maso atayamba kuchita khungu, anasiya penti n'kubwerera kumudzi kukalima kabichi kudimba. Anamwalira mu 1989, m'nyengo ya mvula. A Dorika anabwera ndi mtolo wa nkhuni, anakhala pasiwa mpaka maliro ataikidwa, ndipo anabwerera kwawo tsiku lomwelo.