Sevisi ya m'mimba ya ba Ng'andu

Amuna anga, ba Meshack Ng'andu, ankayendetsa minibasi ya Chelstone. Mwezi ukatha ankaichita sevisi, kenako n'kudzichita sevisi iwonso. Ankagula makapisozi a antibayotiki pakantemba, kagolosale ka m'mbali mwa msewu, n'kumeza osadwala kalikonse.

"Febby, mimba ni injini," ankatero. "Ifunika kuwasha."

Madalaivala anzawo anatengera. Ine ndinkangoyang'ana. Munthu wamkulu ungamuuze chiyani?

Chaka chatha sevisi ija inabweretsa kutsegula m'mimba kosatha. Tsiku lina anaimitsa basi yodzaza pamsewu wa Great East n'kuthamangira kuseri kwa mpanda, anthu akuwombera m'manja. Mwini basi anati ichi si chimbudzi, achire mwezi usanathe, apo ayi kiyi apereka kwa Gilson, kondakitala wawo.

Iwo anapita kufamase ku Woodlands n'kugula botolo la maprobayotiki, makapisozi a tizilombo tabwino ta m'mimba. Ati oilo wachoka, tithiremo watsopano. Ankameza kawirikawiri ngati mtedza, koma thupi linkangothabe. Sindinalire. Ndinkangochapa.

Atayamba kutentha thupi ndinawakokera kuchipatala. Dokotala, mayi wina wotopa ndi odwala, atayeza chimbudzi anatikhazika pansi.

"Ba Ng'andu, m'matumbo mumakhala tizilombo tambirimbiri, mitundu mazanamazana. Timagaya zakudya zimene inu simungagaye, ndipo timatsekereza toipa kuti tisapeze malo. Makapisozi sasankha, amapha tabwino tomwe. Munalambula munda wonse, ndiye mwamera kachilombo kamodzi kouma mutu."

"Nanga aya?" Anatulutsa botolo m'thumba.

"Muli mitundu yochepa chabe, ndipo tambiri timangodutsa, sitikhazikika. Maprobayotiki ena amathandizako kupewa kutsegula m'mimba munthu akamamwa antibayotiki. Koma matenda awa sangawachize."

Anawalembera mankhwala olimbana ndi kachilomboko, antibayotiki ndithu koma wosankhidwa, ndi madzi a mchere ndi shuga. Anati mimba ikakhazikika adye nyemba, masamba a maungu aja timati chibwabwa, mbatata, ufa wa rola wosachotsa gaga, chifukwa tizilombo tabwino timadya zimenezo.

"Nibwelela liti pa basi?"

"Kutsegulaku kuleka posachedwa, ngakhale kumatha kubwereranso. Munda wokha ndi miyezi, ndipo tina mwina sitidzabwerera."

Kunaleka, kenako kunabwereradi. Mwezi unatha ali pabedi. Gilson anabwera kudzatenga kiyi, anapereka moni mwaulemu, ine n'kumupatsa tiyi.

Pano anachira. Amadya nyemba osadandaula, munthu amene ankati ndi ndiwo za akaidi. Amaitanira anthu pasiteshoni ya Chelstone, pafupi ndi pomwe ndimagulitsa vitumbuwa. Sitikambirana za basi. Ndikati ndiwamvere chisoni, mumtima simubwera kanthu.

Lachisanu lapitali, mwezi ukutha, basi ija inaima patsogolo pathu. Gilson anatulutsa mutu pawindo, makapisozi ali m'manja.

"Sevisi, ba Ng'andu. Monga munatiphunzitsa."

Gilson anameza ndi madzi a m'botolo. Amuna anga anatsegula pakamwa, ine ndikudikira kuti amuchenjeze. Kenako anamenya chitseko cha basi ija ndi chikhatho, n'kuitanira anthu awiri otsala kuti idzaze.

"Tauni, tauni. Babili chabe."