Abiti Tahir Asamutsa Failo

Ku Sadzi kulibe amene sawadziwa Abiti Tahir. Dzina lawo la pachiphaso ndi Safina, koma limenelo ankaliitana ndi amuna awo okha, malemu a Selemani, telala wa pakhonde la sitolo kufupi ndi msika. Anabadwira cha ku Malosa, nakwatiwira ku Zomba akadali namwali wowongoka ngati bango, ndipo moyo wawo wonse anaudyera m'phiri. Ankalawira nkhungu isanayalule, kukapikula sitiroberi, magalagadeya ndi mbatatesi kwa alimi a pamwamba, n'kutsika nazo pamutu kudzagulitsa m'mbali mwa msewu. Ana onse anawalera ndi dengu limenelo.

Sukulu ya boma sanaipondeko. Bambo awo ankati ana akapita kumeneko amabwerako atasintha dzina ndi chipembedzo. Choncho iwo anaphunzira ku madrasa, ndipo cholemba chokha chimene dzanja lawo linkachidziwa chinali dzina lawo m'zilembo za Chiarabu, loyambira kumanja kupita kumanzere.

Matenda a shuga anawapeza mawondo atayamba kale kukana chitunda. Shamsu, mzime wawo wogwira ntchito ku yunivesite, anawalembetsa pa sikimu ya zachipatala ya kuntchito kwake, nawatengera ku kiliniki ina ya payiveti m'tauni, ya mipando yofewa ndi wailesi ya kanema pakhoma. Mafomu anadzaza ndi Shamsu, kusaina anasaina ndi Shamsu. Mwana anachita bwino, palibe angamunene. Koma kuyambira tsiku limenelo dokotala wa kumeneko ankayankhula ndi Shamsu yekha, m'Chingerezi, mawu akudutsa pamwamba pa mpango wa mayi ngati mbalame. Iwo ankangopereka mkono, magazi n'kutengedwa, zotsatira n'kulowa m'kompyuta.

Chinawapweteka koposa chinali cha Ramadhani. Mwezi wofunga, wosala kudya ndi kumwa masana, ukamayandikira, dokotala ankangoti, “Muwauze amayi asafunge.”

“Chifukwa chiyani, adokotala?” anafunsa iwo chaka china.

“Ndawafotokozera kale achimwenewa.”

Ramadhani ziwiri anadya masana chobisala, atatseka chitseko ngati wakuba. Ankadziwa bwino kuti Mulungu sakakamiza wodwala kufunga. Koma thupi ankalimva lamphamvu, ndipo palibe anawaonetsa pamene panali vuto. Chaka chino anatsimikiza mtima: adzafunga, pokhapokha munthu awauze pamaso, m'chinenero chawo, chimene chikuwaletsa.

Amayi anzawo a kumzikiti anawauza za dokotala wina, mayi Bushra, wa pa kachipatala ka cha ku Matawale, amene amafunga yekha ndipo amakhala pansi ndi odwala shuga mwezi usanaoneke. Abiti Tahir anakwera kabaza osauza munthu.

Dokotala Bushra anatsegula buku lawo la kuchipatala, natembenuza masamba, napukusa mutu.

“Mayi, m'bukumu mwangolembedwa masiku ndi mayina a mankhwala. Magazi ndikhoza kukuyezani lero, koma a lero okha sandiuza kumene mwachokera. Ndikufuna ndione mmene shuga ndi impso zanu zayendera zaka zonsezi. Popanda zimenezo sindingakuuzeni kuti fungani kapena ayi.”

“Ndiye ndikalande failo yanga?”

“Failo yeniyeniyo amasunga okha, ndi lamulo la ntchito yawo. Inu muwalembere kalata kuti mwasiya kuonedwa kumeneko, ndipo mukuloleza kuti atumize kwa ine makope a zotsatira zonse, mndandanda wa mankhwala, ndi kalata ya dokotala yofotokoza mwachidule za matenda anu. Musaine nokha. Ndipo mankhwala amene muli nawo musasiye kumwa.”

Madzulo ake Shamsu atamva, anakhala pa mpando ngati wamenyedwa.

“Amayi, mundichititsa manyazi. Dokotala ujatu ndimapemphera naye maliro amodzi, timakumana m'misonkhano. Kiliniki yabwino ngati imene ija muisiye chifukwa cha nkhani za kumzikiti?”

“Iwe unabadwa ndi shuga?”

“Ayi, koma…”

“Nanga bwanji amakuuza iwe za shuga wanga? Ukamatuluka m'chipinda muja umandiuza kuti zili bwino. Zili bwino, koma osafunga. Zili bwino, koma mapiritsi awonjeza. Ine ndine mbuzi yopita ku dibi?”

Shamsu anati kalatayo salemba. Mayi ake anati sanamupemphe.

Kuseri kwa mpanda wawo kunkakhala a Aggie, mayi wa Chikatolika amene anakalambira pa makina otayipira m'maofesi a boma, kuyambira masiku amene nyumba ya malamulo inali konkuno. Awiriwa anagawana mchere ndi moto kwa zaka zosawerengeka. A Aggie anavala magalasi, natenga pepala la mizere.

“Nenani, Abiti. Tiyambe bwanji?”

“Lembani kuti: inu anthu osaona nkhope ya munthu…”

“Iyayi, anzanga. Kalata yotukwana amaiika pansi pa mulu. Yaulemu ndi imene imaluma, chifukwa sapeza poikanira.”

“Chabwino. Koma Chingerezi ayi. Andimve m'Chinyanja chomwechi.”

Analemba dzina monga lilili pachiphaso, tsiku lobadwa, ndi nambala ya failo imene inali pa kakhadi ka kiliniki. Kenaka mawu ake anali awa: “Ndikukudziwitsani kuti kuyambira lero ndasiya kulandira chithandizo pa chipatala chanu, ndipo tsiku limene munandipatsa loti ndibwerenso mulifafanize. Ndikupempha, ndiponso ndikuloleza, kuti makope a zotsatira za magazi ndi mkodzo, mndandanda wa mankhwala, ndi kalata ya dokotala yofotokoza za matenda anga zitumizidwe kwa Dokotala Bushra.” Anaikapo keyala ndi foni ya kachipatala kaja, napempha kuti zifike mwezi wa Ramadhani usanaoneke.

“Tithokozeko pang'ono kumapetoku,” anatero a Aggie.

“Thokozani anamwino. Amabaya bwino.”

Pansi pake Abiti Tahir anagwira cholembera ngati singano, nalemba dzina lawo kuchokera kumanja. A Aggie anasaina ngati mboni. M'mawa anakajambulitsa kalatayo ndi chiphaso pa fotokope, nalowera ku kiliniki onse awiri, wina mpango wakuda, wina kolona m'khosi.

Pa tebulo lolandirira alendo panali mtsikana wa dzina loti Rosebell. Anawerenga, nayang'ana m'kompyuta, nabweza pepala.

“Agogo, failoyi anatsegula ndi a Shamsu Selemani, ndipo sikimu ndi yawo. Abwere asaine iwowo.”

“Magazi ali m'failomo ndi a ndani?”

“Ndi anu, koma…”

“Impso?”

“Agogo, ine ndikungotsata zimene zili apa. Komanso apa simunasaine, mwangojambula. Bwerani mudinde chala.”

Abiti Tahir anabisa dzanja m'nsalu.

“Mwanawe, dzina limenelo ndinaphunzira kulemba amako asanabadwe. Ndinalilemba pa ukwati wanga pamaso pa shehe. Chala ndimadinda posankha boma, chifukwa kumeneko amadinda aliyense, ndi aphunzitsi omwe. Pano ayi.”

Anthu a pamipando anayamba kuseka chamumtima. Bambo wina wa bandeji kuphazi anati, “Apatseni zawo mayiwa, inu!” Rosebell anati adikire, dokotala ali ndi odwala. Iwo anati kudikira ndiyo ntchito imene anaiphunzira m'mbali mwa msewu, nakhala pa mpando wa kutsogolo penipeni, kalata ili pamiyendo. Nthawi ya swala, pemphero la masana, itakwana anayala nsalu pakona, naswali, nabwerera pampando womwewo.

Dokotala uja anatuluka dzuwa litapendeka. Rosebell anamunong'oneza, iye nawerenga kalata yonse ali chiimire. Kenaka anayang'ana uku ndi uku, ngati akufuna Shamsu.

“Palibe,” anatero Abiti Tahir. “Ndabwera ndekha ndi pakamwa panga.”

“Mayi, talakwa chiyani?” Chinyanja chake chinali chosalala bwino, cha kwawo konkuno.

“Ha! Kani mumachitha?”

Dokotala anauza Rosebell kuti wodwala wamkulu, wa nzeru zake, ndiye mwini chilolezo, osati wolipira. Ndipo saini ndi saini, bola pali chiphaso ndi mboni. Anati makope ndi kalata yake zikhala zitakonzeka sabata isanathe, ndipo azitumiza mu envulopu yomata.

“Dindani apa kuti mwalandira,” anatero a Aggie, akutulutsa kope yachiwiri. Chidindo chinagunda, tsiku linalembedwa, kope n'kulowa m'chikwama cha Abiti.

Sabata inatha envulopu osafika. Abiti Tahir anabwereranso ndi kope ya chidindo ija, naiyala pa tebulo. Tsiku lotsatira mnyamata wa njinga yamoto anakaisiya ku Matawale.

Ulendo uno Shamsu anapempha yekha kuti awaperekeze. Mayi ake anavomera, koma anamuuza kuti akakhale pa mpando wa kukhomo. Dokotala Bushra anayala mapepala motsatana zaka, pamodzi ndi zotsatira zatsopano, nakokera mpando wake pafupi.

“Mayi, onani apa. Nambala iyi ikunena mmene impso zanu zikusefera magazi. Chaka ndi chaka yakhala ikutsika, ndipo tsopano yafika pochepa. Mukakhala tsiku lonse osamwa madzi, kutentha kuno, mukhoza kuzipweteka osabwereranso. Shuganso wanu amakwera ndi kutsika mosadalirika. Ine ndikuti musafunge, chaka chino ngakhale zaka zikubwerazi. Mapiritsi ena ndisintha kuti agwirizane ndi impsozi. Za fidiya, kudyetsa wosauka m'malo mwa tsiku lililonse, mukafunse a shehe.”

Abiti Tahir anayang'ana manambalawo nthawi yaitali, chala chikutsata mzere. Anafunsa ngati impso zimachira. Anafunsa za mchere, za tiyi, za mankhwala a mawondo amene ankagula pa golosale, ndipo dokotala anawaletsa amenewo pomwepo.

Ali panja Shamsu sanapirire.

“Mwaona, amayi? Yankho ndi lomwe lija. Mavuto onsewa a chiyani?”

“Iwe unkadziwa za impsozi?”

“Anandiuza. Sindinafune kuti mude nkhawa.”

“Ndiye unadera nkhawa ndiwe, ine n'kumameza mapiritsi a mawondo ngati mtedza. Uyo anakaniza iwe. Uyu wakaniza ine. Ukuona ngati n'chimodzi?”

Shamsu anayang'ana pansi. “Ndiye mubwerera kuja? Sikimu kunotu sindikudziwa ngati amalandira.”

“Ukafunse. Ndiyo ntchito yako imeneyo. Kuja ndinatsanzika ndi dzanja langa.”

Mwezi utaoneka, Abiti Tahir sanatsekenso chitseko. Masana ankamwa madzi awo pakhonde, poyera, ndipo wodutsa akayang'anitsitsa ankamuuza okha kuti, “Impso, mwanangu. Ndinaziona ndi maso anga papepala.” Dzuwa likamapendeka ankapatula mpunga ndi nyemba m'mbale ya chivundikiro, n'kupita nazo kwa nkhalamba ina yosaona ya kumunsi kwa mzikiti, kuti imasulire swaumu yake, kufunga kwa tsikulo. A Aggie ankawaperekeza, akudandaula za chitunda njira yonse.