Alimi Asanu ndi Atatu a Selestina

Simukumudziwa Selestina Gama, mdzukulu wanga wa ku Tsangano? Mumangodya kachewere basi!

Bungwe lina linamutuma kuyeza zokolola za alimi makumi awiri amene anathira manyowa atsopano. Kabuku katatuluka kotamanda manyowawo, anawerenga mayina, nkupeza khumi ndi awiri okha. Asanu ndi atatu amene anakolola zochepa a bungwewo anawachotsa, ati sanatsate malangizo. Chikhalirecho Selestina anawaona akuthira bwinobwino.

Atandiuza zimenezi, ine ndinati, "Khala chete mwanawe, ntchito njosowa." Anandimvera.

Aneba athu a Silvester anakhulupirira kabukuko, anasiya feteleza, nkukolola timbatata ngati mazira a njiwa.

Pano Selestina ntchito ija anasiya. Ine kuchigayo ndimazungulira njira yakumunsi, kuopa kudutsa pakhomo pa a Silvester.