Sitinafike pa Sikisi

Kireshi yathu inali m'shedi yakale ya fodya, pa pulazi ina kunja kwa tauni ya Mvurwi, ku Zimbabwe. Ndinkaphunzitsa ana a m'komboni, a zaka zinayi ndi zisanu. Ahedi a kupulayimale anandiuza mosapsatira kuti oyendera sukulu akadzapeza ana osakwana khumi ndi asanu, kalasi idzatsekedwa. Ine ndinaseka, poti ndinali nawo makumi awiri.

Mabuku tinalibe, ndiye ndinalemba pulani ya masewera. Sabata yoyamba kusankha zitsekerero za mabotolo, zofiira m'bwalo ili, zobiriwira m'bwalo ilo, mabwalo ojambula pansi ndi makala. Yachiwiri zitsononkho, zazitali pazokha, zazifupi pazokha. Yachitatu kuwerenga miyala mpaka isanu, chala chikhudze mwala uliwonse kamodzi, nambala yomaliza ndiyo inene kuti miyala ilipo ingati. Woimba manambala ngati nyimbo, osakhudza, ndinkamubweza. Sikisi ndinamuika sabata yachisanu.

Sabata yachinayi ndi imene ndinadzipweteka ndekha. Ndinaitana makolo kuti adzaone. Ndinatola masamba a mango, obiriwira, achikasu, ouma, ong'ambika, n'kuuza ana kuti tisewere kugireda fodya, ntchito imene amaiona tsiku ndi tsiku. Kamtsikana kena kamanyazi kanapanga milu inayi mosaphonya tsamba, n'kuiwerenga. Ine mtima unali m'mwamba. Azimayi amene anabwerawo sanaombe m'manja, anangoyang'anizana.

Inali nyengo yogireda, ndipo alimi atsopano a m'mapulazi ankalipira maricho, ndiye kuti ganyu, molingana ndi mulu umene munthu wamaliza. Lolemba kunabwera ana khumi ndi mmodzi.

Ndinapita kwa mayi ake a kamtsikana kaja ndili piringupiringu ndi ukali. Ndinawapeza akugireda, mwana ali pambali pawo akusankha zidutswa za fodya, akutsokomola.

"Mayi, mwanayu ali ndi zaka zisanu. Mulibe manyazi?"

"Manyazi ndili nawo, madamu, koma ufa ndilibe," anandiyankha osadzutsa mutu. "Kale ankangondisokoneza. Mwamuphunzitsa ndinu."

Ndinachokapo. Ndinazungulira komboni yonse, yankho linali lomwelo.

Oyendera anapeza ana asanu ndi anayi. Pulani yanga anaiyamikira, mpaka kuijambula ndi foni kuti akaonetse ena. Kenako anatseka kalasi, ati ana azipita kupulayimale, ulendo woti mwana wa zaka zinayi sangayende.

Mlimi mwini pulazi anatenganso shedi ija. Inenso njala inandilowetsa momwemo, kukagireda. Mabwalo anga a makala ankaonekabe pansi. Tsiku lina ndinakhala pafupi ndi kamtsikana kaja, ndipo ndinakamva kakunong'ona, chala chikukhudza tsamba lililonse kamodzi, ndendende mmene ndinakaphunzitsira. Kakafika pa faifi kankaima pang'ono, n'kuyambiranso pa wani. Zimandiwawa mpaka lero.